Sikelo zakuba zikudya thukuta la otola zinyalala

A Mkonzi,

Ndiloleni nditulutse mkwiyo wanga pa zimene ndinaona Loweruka lapitali pamalo ena ogula zitsulo zakutha ndi mapulasitiki kuno kwathu. Pali mayi ena achikulire amene amatola mabotolo pamsika wathu. Chifukwa ndili ndi sikelo pagolosale yanga, anandipempha kuti ndiwayezere matumba awo asanakagulitse, poti mtima unali utayamba kuwakayikitsa. Sikelo yanga inaonetsa makilo 18. Ndinawaperekeza kwa wogula uja. Mnyamata wake atakoleka matumbawo pasikelo yopachika, muvi unaima pa 15. Kenako, osatsegula n'komwe thumba, anati achotsapo makilo awiri a chinyezi ndi dothi. Mayiwo analandira ndalama ya makilo 13. Atati adandaule, yankho linali lakuti, "Ngati simukufuna, nyamulani mukagulitse kwina." Anadziwa kuti kwinako kulibe, ndipo anadziwanso kuti mayiwo ali ndi ngongole kwa abwana ake ya pamene mdzukulu wawo anadwala.

Makilo asanu, a Mkonzi! Kuti mabotolo a madzi akumwa akwane kilo imodzi pamafunika oposa 40. Ndiye kuti mabotolo oposa 200, amene mayiwo anawerama kutola limodzilimodzi m'ngalande zonunkha, apita ulere m'thumba la munthu amene wakhala pampando tsiku lonse. Kumeneku ndi kuba, ndipo kukuchitika dzuwa likuswa mtengo. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lili ndi mphamvu yoyesa sikelo zochitira malonda, ndipo nyengo yokolola ikafika tonse timafuula za sikelo za mavenda ogula chimanga ndi soya. Nanga sikelo yoyezera mabotolo si sikelo? Kodi thukuta la wotola zinyalala ndi lotsika mtengo kuposa la mlimi?

Koma ngakhale sikelo imodziyo italandidwa mawa, mayiwa adzaberedwabe mkucha, chifukwa vuto lalikulu ndi lakuti amafika pasikelopo ali okha. Alibe posungira katundu, choncho zimene atola lero ayenera kugulitsa lero lomwe. Alibe ndalama yodikirira, chifukwa ufa wa madzulo uli m'matumba omwewo. Katundu wawo ndi wochepa moti fakitale singawatsegulire geti. Wogula wapakati amadyera pa zinthu zitatu zimenezi, ndipo zitatu zomwezi ndi zimene kopaletivi imathetsa.

Tiyerekeze otola 30 agwirizana, aliyense akubweretsa makilo 10 patsiku. Pa masiku 20 asonkhanitsa matani 6. Katundu wotere ndi wodzaza lole, ndipo wa fakitale amayamba kuimba foni yekha. Gululo limakhala ndi sikelo yake yodindidwa, pamalo poonekera, ndi kaundula momwe mlembi amalemba dzina, tsiku, mtundu wa katundu ndi makilo mwini wake akuona. Likakhala ndi shedi, katundu amasankhidwa bwinobwino, ndipo phindu lenileni lagona posankhapa. Pansi pa botolo pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala. Nambala 1 ndi mabotolo a madzi ndi zakumwa, nambala 2 ndi zigubu zolimba zija. Mapulasitiki awiriwa sasungunulidwa pamodzi. Mabotolo oyera amagulidwa bwino kuposa obiriwira kapena akhofi, zitsekerero zimaikidwa pazokha, makatoni amafuna denga chifukwa akanyowa amaola. Munthu akagulitsa zosakanikirana amapatsidwa mtengo wa chinthu chotsikitsitsa m'thumbamo, kenako wogula amasankha yekha n'kudya kusiyana kwake. Gulu likadzakula n'kupeza makina opanikiza mabotolo kukhala mabelo, lole imaleka kunyamula mphepo ndipo mtengo wa thiransipoti pa kilo umatsika kwambiri.

Wina anena kuti awa ndi maloto. Akafunse za mzinda wa Pune ku India. Kumeneko otola zinyalala, ambiri mwa iwo amayi osauka amene anthu ankawanyoza ndipo apolisi ankawathamangitsa, anakhazikitsa bungwe lawo la apantchito mu 1993, lodziwika ndi zilembo za KKPKP. Chimene anayamba kumenyera ndi zitupa zovomerezedwa ndi khonsolo, zoti munthu akagwidwa ndi thumba pamsewu aonetse kuti ali pantchito, si wakuba. Anatsegulanso thumba lawo losunga ndi kubwereketsa ndalama, kuti ngongole ileke kuwamangirira kwa wogula mmodzi ngati mmene yawamangira mayi athu aja. Anatsegula ndi sitolo yawo yogula katundu wotoledwa, yoyeza moona, yogawa phindu kwa mamembala molingana ndi zimene aliyense wagulitsako. Pambuyo pake khonsolo inayamba kuwalipirira inshuwalansi ya chipatala.

Mu 2008 kopaletivi yawo yotchedwa SWaCH inasainirana mgwirizano ndi khonsolo ya Pune woti izitolera zinyalala khomo ndi khomo. Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Mamembala amayenda awiriawiri ndi ngolo yokankha, ali ndi makomo awoawo amene amafikako m'mawa uliwonse. Khomo lililonse limawalipira kandalama pamwezi, iwo eni m'manja. Zogulitsika zimene apeza ndi zawo, ndipo zotsala amakazisiya pamalo pomwe galimoto ya khonsolo imadzatenga. Khonsolo imapereka ngolo, zodzitetezera ndi ndalama zoyendetsera ofesi. Lero mamembala ndi oposa 3,000 ndipo amafikira makomo mazanamazana a zikwi. Taonani chimene chinasintha: munthu ali ndi ndalama ziwiri, ya pamwezi yodziwika ndi ya zogulitsa, choncho mtengo wa pulasitiki ukagwa sagona ndi njala.

Ndipo chitetezo chenicheni chili pomwepa. Magolovesi ndi magambutsi n'zofunika, koma chimene chimapulumutsa munthu ndi kulandira zinyalala pakhomo zisanasakanikirane, m'malo mokazifukula kumtaya. Aliyense amene anadutsako ku Mzedi ku Blantyre kapena kumtaya wa ku Area 38 ku Lilongwe akudziwa zimene ndikunena: utsi wosazima, magalasi osweka, anthu kuthamangira lole ikubwerera m'mbuyo kuti akhale oyamba kufika pa zimene ikukhuthula, ana ali pomwepo. Wotola pakhomo amadziwana ndi mwini nyumba, ndipo angathe kumuuza kuti, "Mayi, magalasi muziwakulunga padera." Ku Pune anafika poyambitsa kampeni yoti matewera a ana ndi zovala za amayi pamwezi zizikulungidwa m'pepala lokhala ndi kadontho kofiira, kuti wosankha asatsegule ndi manja. Munthu mmodzi sangalamule mzinda wonse kuchita zimenezo. Gulu linatha.

Apa ndiye tidzifunse tokha ife okhala m'makomo. Timathira phala lowola, matewera, malezala, majakisoni ndi mababu osweka m'thumba limodzi, kenako munthu akabwera kudzafunamo botolo timamutcha wamisala, timamumasulira galu. Timadandaula kuti ngalande zatsekeka ndi mapulasitiki, kuti Mudi ndi Lingadzi zasanduka dzala, koma amene akuchotsa mapulasitikiwo popanda kulipidwa ndi boma ngakhale tambala sitimupatsa ndi madzi akumwa omwe. Tinakhala tikukokanakokana m'makhoti za majumbo opyapyala kuyambira 2015, misonkhano ya ukhondo ikuchitikira m'mahotela, koma ndani anaitanapo wotola zinyalala kuti akhale nawo patebulo? Ku Bogotá m'dziko la Colombia, bungwe la otola zinyalala limene linayamba mu 1990, motsogozedwa ndi mayi Nohra Padilla, linapita mpaka kukhoti lalikulu loona za malamulo a dziko pamene makampani ankafuna kuwalanda ntchito. Linapambana, ndipo kuyambira 2013 mzindawo unayamba kuwalipira pa tani iliyonse imene apulumutsa kuti isapite kumtaya. Chifukwa chake n'chomveka: tani imene sinakwere lole ya khonsolo ndi mafuta amene sanaotchedwe.

Sindikunena kuti kopaletivi ilibe matenda ake. Vuto loyamba ndi ndalama yogulira. Fakitale imalipira pakapita masabata, pamene membala akufuna ndalama yake madzulo omwewo. Gulu likapanda thumba lolipirira pompopompo, mamembala amayamba kuzembetsa katundu wabwino, monga kopa ndi zitini, kupita naye kwa wogula wakale, kukopaletivi n'kumabweretsa zotsalira. Mukaona makilo m'kaundula akutsika pamene anthu akutolabe monga kale, dziwani kuti zayambika. Lachiwiri ndi kugawana mofanana pamene ena atola makilo 20 ndipo ena atatu; akhama amachoka msanga. Aliyense alipidwe pa kilo yake, phindu la pachaka ligawidwe motsata kaundula. Lachitatu ndi anthu ovala mataye amene sanagwirepo thumba, koma akamva kuti kwabwera thandizo amapezeka ndiwo apampando ndi asungichuma. Chizindikiro chake ndi buku la ndalama limene mamembala sanalionepo. Ngakhale ku Pune komweko khonsolo inkachedwetsa ndalama ndi zipangizo zimene inalonjeza, ndipo chinawapulumutsa n'chakuti ndalama ya pamwezi inkachokera m'makomo, osati ku ofesi, komanso bungwe lawo la apantchito linalipobe kuti likakamize.

Lamulo la makopaletivi tinalikhazikitsa kale mu 1998, ndipo alimi a khofi, mkaka ndi mpunga akulidyerera. Nanga alangizi a makopaletivi bwanji osatsikira kumtaya ndi m'misika, kumene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti khomo lolembetsera lili kuti? Makhansala athu, amene nthawi ya kampeni amadziwa njira iliyonse ya m'makwalala mwathu, akudikira chiyani?

Pempho langa ndi ili, ndipo silifuna ndalama za azungu. Khonsolo iliyonse iwerenge otola zinyalala a m'dera lake ndi kuwapatsa zitupa. Ipereke kamalo kotchingidwa, kokhala ndi denga ndi mpopi, pafupi ndi msika uliwonse waukulu. Isankhe dera limodzi la makomo ochepa, ilipereke kwa gulu la otola kwa chaka chathunthu pa mgwirizano wolembedwa, wonena poyera kuti zogulitsika ndi zawo. Mabungwe amene amakonda kugawa mateesheti aike ndalamazo m'thumba logulira katundu ndi sikelo. Ndipo a zoyeza miyezo ayendere malo onse ogula zitsulo ndi mapulasitiki mwezi uno, asanene tsiku lobwera.

Wokhudzidwa,
Wagolosale wa pamsika