Kalata kwa Mkulu wa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA: musamangoona chumuni, funsani za mwala wa laimu

Bwana, ndikulemba kuchokera kuno ku Mangochi. Ndinakhalako ku Joni zaka zingapo pa fakitale ina yoyendera malasha, ntchito yanga inali pa sikiraba, makina otsuka utsi, ndiye ndikamamva nkhani zopanga magetsi a malasha ngati zija za ku Kammwamba mtima sukhala m'malo.

Malasha amakhala ndi salufa, akapsa amatulutsa mpweya wa SO2, uja wotsamwitsa ana a mphumu, ukakumananso ndi mvula umasanduka asidi. Sikiraba yamadzi ndi thanki yaitali basi. Mwala wa laimu amaupera mpaka kusalala kuposa ufa woyera, kuusakaniza ndi madzi ngati phala, mapampu nkumapopera phalalo kuchokera m'mwamba utsi ukukwera kuchokera pansi. Laimu amagwira salufayo, pansi pa thanki amauziramo mpweya kuti matopewo asanduke jipisamu, yemweyu amathira mu simenti. Ikamayenda bwino imachotsa SO2 woposa 90 pelesenti.

Pempho langa si loti mukakamize eni mafakitale kugula makinawo kokha ayi. Makina atha kukhalapo koma ali chozima, chifukwa mapampu aja amadya magetsi ndipo pena pamakhala njira yolambalalitsa utsi. Chumuni sichikuuzani zoona bwana, SO2 alibe mtundu, ndipo utsi woyera mbee wotuluka sikiraba ikamagwira ntchito nthawi zambiri ndi nthunzi chabe.

Anyamata anu azichita masamu awa. Tinene boyila ikuwotcha matani 100 a malasha patsiku, salufa wake 1 pelesenti. Ndiye kuti salufa ndi tani imodzi, SO2 matani 2. Kuti amugwire pafunika mwala wa laimu wopitirira pang'ono matani 3, ndipo jipisamu atuluke pafupifupi matani 5, tsiku ndi tsiku. Afunse malisiti a mwala, akaone mulu wa jipisamu. Ngati mwezi wonse analowetsa lole imodzi yokha ndiye kuti salufayo tapuma ife.

Aonenso buku la pH, muyeso wa kuchuluka kwa asidi m'phala lija, imayenera kukhala pakati pa 5 ndi 6. Ikatsika kwambiri SO2 amangodutsa, ikakwera mwala umatayika osagwira ntchito ndipo matope amayamba kuumira m'mapaipi. Izi si zazing'ono, pa siteshoni ya magetsi a malasha ya Kusile ku Joni mu Okutobala 2022 chipaipi cha utsi chinagwa matope ataunjikana mkati.

Mwala tili nawo, ku Njereza kuno amakumba wa simenti, koma uyesedwe kaye chifukwa wokhala ndi magineziyamu wambiri umachedwa kusungunuka.

Chondiwawa kwambiri ndi madzi otsala. Amatuluka ndi mchere, mekyule ndi zina zochokera m'malasha. Ife timadya chambo ndi kambuzi wa ku Malombe, ndiye chonde musasainire chilolezo aliyense asanakuonetseni komwe madziwo akatsukidwire asanayandikire Shire.

Ine wanu,
Nzika ya ku Mangochi