Inu a kosi ya kasungidwe ka mabuku a ndalama: tiuzeni kawerengedwe koona ka 70 peresenti kwizi yachisanu isanatsekedwe

Akuluakulu, ndikulemba pano poyera chifukwa ku imelo mukungondibwezera mawu amodzimodzi akuti "satifiketi imaperekedwa kwa amene wafika 70 peresenti". Zimenezo ndikuzidziwa, ndinaziwerenga ndisanalipire n'komwe. Funso langa n'lakuti 70 ameneyo mumamuwerengera bwanji, pakuti zolemba zanu ziwiri zikutsutsana, ndipo kutsutsanako kukusintha kwambiri malikisi amene ndikuyenera kupeza pa makwizi awiri otsala.

Silabasi imene munatipatsa poyamba ikuti mayeso apakati ali ndi malikisi 40 ndipo makwizi 6 onse pamodzi ali ndi malikisi 60. M'munsi mwake muli mzere wakuti kwizi imene munthu wapeza zochepa kwambiri siiwerengedwa. Koma pa tsamba lanu la mafunso ofunsidwa kawirikawiri mwalemba kuti makwizi onse amawerengedwa mofanana. Ndiye tigwire ziti?

Mwina kwa inu nkhaniyi ikuoneka yaing'ono, ndiye ndiyala malikisi anga kuti muone nokha. Pa mayeso apakati ndinapeza 65 peresenti. Popeza mayesowo ndi a malikisi 40, ndiye kuti 65 peresenti ya 40 ikundipatsa malikisi 26. Makwizi ndalemba anayi, ndipo ndinapeza 80, 60, 70 ndi 40 peresenti. Iliyonse imakhala ndi mafunso 10. Ya 40 ija magetsi anazima ndili pakati, netiweki n'kuthawa, nthawi n'kutha, makina anu n'kutumiza okha mayankho ochepa amene ndinali nditalemba. Mwayi wobwereza simupereka. Ndinavomereza osadandaula chifukwa ndimadziwa kuti silabasi ikuti yotsikitsitsa imachotsedwa.

Tiyambe ndi njira ya tsamba lanu la mafunso, yakuti onse amawerengedwa. Malikisi 60 kuwagawa pa makwizi 6, iliyonse ikhala ya malikisi 10. Anayi angawo akupereka 8, 6, 7 ndi 4, onse pamodzi 25. Kuphatikiza ndi 26 wa mayeso apakati, ndili ndi 51. Kuti ndifike pa 70 pakuperewera 19, ndipo makwizi awiri otsalawo ali ndi malikisi 20 okha. Masamu ake ndi awa: (70 − 51) ÷ 20 × 100 = 95. Ndiye kuti pa mafunso 20 amene atsala ndikuloledwa kulakwa limodzi lokha. Ndikalakwa awiri ndithera pa 69, satifiketi yapita.

Tsopano njira ya silabasi. Ya 40 ija ikachotsedwa, makwizi owerengedwa atsala 5, ndipo malikisi 60 aja agawidwa pa asanuwo, iliyonse 12. Apa ndi pamene anzanga ambiri m'gulu lathu la WhatsApp akusokonezekera: akumachotsa kwizi yotsika koma n'kusiya zinazo pa malikisi 10, mapeto ake masamu osatheka. Kwizi imodzi ikachoka, zotsalazo zimalemera. Choncho 80 peresenti ya 12 ndi 9.6, ya 60 ndi 7.2, ya 70 ndi 8.4, zonse pamodzi 25.2. Kuphatikiza 26 ndili pa 51.2. Pakuperewera 18.8, koma tsopano makwizi awiri otsala ali ndi malikisi 24, osati 20. Funso lililonse likubweretsa 1.2, ndiye ndikakhoza mafunso 16 mwa 20 ndipeza 19.2, n'kufika pa 70.4. Ndikakhoza 15 ndithera pa 69.2.

Onani kusiyanaku. Njira ina ikufuna ndikhoze 19, ina 16. Kulakwa funso limodzi ndi kulakwa mafunso anayi ndi zinthu zotalikirana kwambiri kwa munthu amene amawerenga usiku ataweruka ku ntchito, pa foni, bando ikutha. Makwizi otsalawa ndi a kugwirizanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki komanso kawerengedwe ka kutsika mtengo kwa katundu, mitu imene ngakhale ogwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku amapunthwa nayo. Ngati zoona zake ndi 19, ndiyenera kupempha tchuthi ku ntchito kuti ndikhale pansi ndiwerenge. Ngati ndi 16, nthawi ya madzulo indikwanira. Sindingapite kwa bwana kukapempha masiku pa nkhani imene eni ake a kosi sakuinena molunjika.

Ndinayesa kupeza yankho pa tsamba loonetsa mmene ndikuchitira, koma nakonso kuli chisokonezo china. Ndikalowa pa kompyuta likundionetsa 51%. Ndikalowa pa pulogalamu yanu ya pafoni ikundionetsa 64%. Nditawerengera ndinapeza kumene manambalawa akuchokera. Wa 51 akutenga makwizi amene sindinalembe ngati ndapeza ziro, ndiye ndi 51 mwa 100. Wa 64 akungoyang'ana zimene ndalemba kale, zomwe ndi za malikisi 80, ndipo 51 mwa 80 ndi 63.75 peresenti, mwaikweza kukhala 64. Manambala onsewa masamu ake ndi olondola, koma palibe pamene mwalemba kuti iyi ikutanthauza chakuti. Munthu woona 64 pa foni angaganize kuti kwatsala 6 basi, pamene kwenikweni kwatsala 19.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti manambala awiri onsewo akuwerengera kwizi yanga ya 40. N'kutheka kuti makina anu amadikira makwizi onse athe kaye kenako n'kuchotsa yotsikitsitsa, ndipo ngati zili choncho palibe vuto, ingotiuzani. Koma n'kuthekanso kuti amene anakonza kosiyi pa makina sanaikemo lamulo lochotsalo, ndipo tidzazindikira kosi itatsekedwa, ndalama mutalandira kalekale. Mmodzi wa inu akhoza kutsegula pamene munaika kagawidwe ka malikisi n'kuona zimenezi m'mphindi zochepa.

Pali nkhani inanso ya kukweza manambala. Taona kuti 63.75 mumaionetsa ngati 64. Nanga munthu amene ali ndi makwizi ofanana ndi anga koma anapeza 66 peresenti pa mayeso apakati, akakhoza mafunso 15 athera pa 69.6 potsatira njira ya silabasi. Foni idzamuonetsa 70%. Kodi ameneyu mumpatsa satifiketi, kapena makina adzamukana chifukwa mkati mwake akuona kuti sanafike? Zimenezi silabasi siinena kalikonse, ndipo m'gulu mwathu muli anthu angapo amene ali m'mphepete momwemo.

Kwizi yachisanu ikutsekedwa Lamlungu likudzali. Isanatsekedwe, ndikupempha kuti mulembe pansi pa uthenga uno, pamene ophunzira onse awerenge, ngati kwizi yotsikitsitsa imachotsedwa kapena ayi, komanso ngati 69.6 mumaiwerenga ngati 70. Ngati yankho lanu ndi lakuti onse amawerengedwa, ndiye kuti silabasi imene tinalipirira inatisocheretsa, ndipo ife amene tinasiya kudandaula za kwizi yodukira pakati podalira mzere umene uja mutitsegulire tiilembenso. Chonde musandiuze kuti ndibwere ku inibokosi. Ndachokera komweko, ndipo funsoli si langa ndekha, ndi la aliyense amene watsala ndi makwizi awiriwa.