Za lendi ya nyumba yako ya ku Chibavi

Mwana wanga wokondedwa,

Azakhali ako andiuza kuti ndalama za lendi umangopatsira pamanja mnyamata wa eni nyumba akabwera kudzagogoda, popanda cholemba chilichonse, ndipo chimvereni nkhaniyi mtima wanga sunakhale pansi. Kodi waiwala zimene zinatichitikira ku Chiputula?

Unali wamng'ono, koma makina anga osokera aja uyenera kuti ukuwakumbukira. Eni nyumba atamwalira, ana awo anabwera ndi kope lawo n'kunena kuti tili ndi ngongole ya miyezi inayi. Ine ndinali nditalipira mwezi uliwonse, koma amene ankalandira ndalamazo anali ali m'manda, ndipo ndinalibe ngakhale kapepala koti ndionetse. Makinawo ndinagulitsa ndikulira kuti tisatulutsidwe m'nyumba nthawi ya mvula.

Choncho ugule kope lachikuto cholimba, ndipo nthawi iliyonse ukalipira uzilemba tsiku, kuchuluka kwa ndalama, mwezi umene ndalamazo zikulipirira ndi dzina la wolandira, iyeyo n'kusaina pomwepo iwe ukuona. Za mwezizo usamaziiwale, chifukwa mkangano umayambira pamenepo. Lendi yako ndi K80,000. Ukapereka K50,000 pa 3 Epulo ndi K30,000 pa 20, ulembe kuti zonsezo ndi za Epulo ndipo palibe chotsala, apo ayi tsiku lina adzakuuza kuti K30,000 ija inali yotsalira ya Malichi. Ndalama za miyezi itatu zimene unapereka polowa uzilembenso patsamba loyamba, eni nyumba asaine okha, osati mnyamatayo.

Ndikudziwa kuti unena kuti nthawi zina umatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndipo uthenga umatsala m'foni. Zimenezo n'zabwino, koma foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo uthengawo sunena kuti ndalamazo ndi za mwezi uti. Uzikopera m'kope nambala yaitali imene imabwera mu uthengawo pamodzi ndi tsiku lake, ndipo uzitumiza pa nambala ya eni nyumba, chifukwa dzina la munthu wina likaoneka pamenepo angathe kukana kuti sanalandire.

Mita ya madzi mukugwiritsa ntchito mabanja atatu, ndiye gawo lako ukapereka lizilowanso m'kope lomwelo. Malisiti opyapyala otuluka m'kamakina aja amafufuta pakapita miyezi, makamaka ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, choncho uziwajambula pa foni kapena kuwachita fotokope akadali kuwerengeka.

Sindikuti eni nyumba ako ndi anthu oipa, ndipo usachite manyazi kuwapempha kuti asaine, pakuti aja a ku Chiputula analinso munthu wabwino kwambiri. Loweruka ndikubwera ndi ufa, ndipo kopelo ndikufuna ndidzalione lili ndi siginecha ya mwezi uno.

Ndine mayi ako.