Nambala ya ESR ikakwera sindiye kuti matenda adziwika

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa kuyeza magazi kotchedwa ESR, chifukwa kuno ku Zomba anthu ambiri akaona nambala yaikulu papepala lakuchipatala amangoti basi ndi chifuwa chachikulu. Ine ndine wopima magazi mu labotale, ndipo ndikuti nambalayi payokha sitchula matenda.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Magazi timawasakaniza ndi mankhwala oti asaundane, n'kuwathira m'kachubu kowonda kokhala ndi mizere ya mamilimita 200, n'kukaimika chilili kwa ola limodzi. Maselo ofiira amatsika, pamwamba n'kutsala madzi achikasu. Kutalika kwa madziwo ndiye ESR.

Mwa munthu wabwinobwino maselowa amatsika pang'onopang'ono, chifukwa khungu la selo lililonse lili ndi mphamvu yamagetsi yofanana ndi ya linzake, choncho amakankhana ndipo lililonse limamira lokha. Koma m'thupi mukakhala kutupa, kaya chifukwa cha tizilombo kapena nyamakazi, chiwindi chimachulukitsa puloteni yotchedwa fibrinojeni. Puloteniyi ndi yaitali, ndipo imafooketsa kukankhana kuja n'kulumikiza maselo, mpaka amasanjikizana ngati makobidi. Mulu wotere ndi wolemera, koma mbali yake yokhudzana ndi madzi ndi yochepa poyerekeza ndi maselo omwazikana, motero umamira msanga. Mapuloteni a chitetezo cha m'thupi akachuluka amachitanso zomwezo, n'chifukwa chake ESR imakwera mwa anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ka Edzi.

Tsono taonani mayi wa zaka 30 amene ESR yake yafika 60. Pa msinkhu umenewu timayembekezera kuti isapitirire 20. Koma ngati mayiyu ndi woyembekezera, fibrinojeni yake ndi yokwera kale popanda matenda. Ngatinso malungo adamuchepetsa magazi, maselo ofiira ndi ochepa, sakupanikizana, ndipo amatsika mosavuta. Ziwirizi zokha zitha kufikitsa nambala pamenepo. Dokotala wosamala amayamba waona kuchuluka kwa magazi, ndipo ngati mayiyo akutsokomola amamuyeza makhololo.

Enanso amene amalakwa ndife oyeza magazi, tisabisane. Kachubu kakangopendekeka pang'ono, maselo amatsetsereka m'mbali mwake ndipo nambala imakwera. Kutentha kwa mu Okutobala nakonso kumafulumizitsa kutsikako, makamaka kachubu kakaikidwa pawindo.

Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri. Mwana wa matenda a maselo opindika ngati chikwakwa akhoza kudwala kwambiri ESR ili yotsika, poti maselo opindika sasanjikizana.

Ndipo amene wayamba mankhwala asathamangire kukayezetsanso mawa lake. Fibrinojeni imachedwa kuchoka m'magazi, kotero ESR imatha milungu isanatsike ngakhale munthu akuchira.

Wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba