Fupa silinalumikizane koma kuntchito akundidikira Lolemba

Zikomo Aphungu,

Ndikulemba usiku uno tulo takana, mwendo ukuwawa komanso mutu uli balala. Ndimakhala ku Mufakose mu Harare, ndimagwira ntchito yonyamula katundu pa weyahausi ina ku Workington. Ndinathyoka mwendo wakumanzere, fupa la msongolo. Momwe zinachitikira ndisiye kaye, sikunali kuntchito ayi ndiye za NSSA, bungwe la boma lomwe limalipira ovulala pa ntchito, akuti sizindikhudza.

Adokotala anandiika chikhakha nkulemba kalata ya masabata 6, ndinakapereka ku ofesi bwinobwino ndipo malipiro amabwera onse. Pano ndapita kukajambulitsa ekisire, adokotala andionetsa pachithunzi mzere wakuda uja udakalipo pakati pa fupa, akuti silinalumikizane, andiwonjezera masabata 8 ndipo ndisapondere pansi olo pang'ono. Anandifunsanso ngati ndimasuta fodya, akuti amachedwetsa fupa kupola, koma ndi angati amasuta amapola bwinobwino?

Vuto ndi lakuti ine ndinawalonjeza akapitawo pa foni kuti Lolemba ndikubwera, chifukwa amandiimbira daile kumati bwanji kodi Achimalawi, malo anutu sadikira munthu. Chikhalirecho ine ndinabadwira konkuno ku Harare. Chinandiwawa kwambiri nchakuti mnzanga amene ndimagawana naye nsima pa lanchi anandiona pamaliro a amalume ku Mbare, akuti anakanena kuti ndikuyenda. Kuyenda kwake kuti, ndili pa ndodo ziwiri ana atandinyamula kukwera kombi? Ndiye ndisaike amalume anga? Munthuyu mpaka pano ali ndi madola anga 10.

Mlamu wanga akuti lamulo la ntchito kuno, ndime 14, limapereka masiku 90 a malipiro onse pachaka ngati pali kalata ya dokotala, kenako ena 90 a theka la malipiro ngati dokotala walemba kuti ndidzatha kubwerera kuntchito. Ndikawerenga masabata 6 ndi 8 akukwana masiku 98, ndiye kuti ndidzadutsa masiku 90 oyamba aja, ndipo fupa likapanda kugwira akuti ndi opaleshoni yoika chitsulo. Lendi ndidzalipira chani ndi hafu? Akazi anga sindinawauze zimenezi.

Kalata yatsopano ili pano pa tebulo koma simunalembedwe kuti ndidzachira nkubwerera, mwangolembedwa masabata. Ndibwerere kwa adokotala akawonjezere mawu amenewo ndisanapereke? Nanga ndipereke kwa akapitawo kapena ku ofesi yoona za antchito, ndipo ndingatumize chithunzi pa Watsapu kapena pakufunika pepala lenileni asaine kuti alandira? Masiku anga atchuthi omwe ndinasunga angalowe mmalo mwa hafu peyi? Akandifunsa kuti ndinathyoka bwanji ndikuyenera kuyankha? Ndiyambe bwanji kuwauza poti ndinanena ndekha kuti Lolemba ndikubwera?

Ine wosowa pogwira,
Mufakose, Harare