Lipoti la msonkhano wa ku Ngabu: kudziwa chuma chenicheni cha munthu

A tcheyamani ndi mamembala nonse a banki m'khonde yathu, ndikuthokoza pondituma ku msonkhano wa magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama umene unachitikira ku Ngabu. Mwa zonse zimene tinaphunzira, ndasankha kukufotokozerani nkhani imodzi imene inandikhudza kwambiri, ya mmene munthu angadziwire pamene waima pa chuma.

Aphunzitsi anatiuza kuti tilembe mzere pakati pa pepala. Kumanzere kumalembedwa zonse zimene munthu ali nazo, pa mtengo umene angazigulitsire lero, osati umene anagulira. Kumanja kumalembedwa ngongole zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Chotsala mukachotsera za kumanja pa za kumanzere ndicho chuma chenicheni.

Bambo wina wa kabaza anavomera kuti tiwerengere za iwo. Njinga yawo yamoto anaigula K2,500,000, koma anavomereza kuti lero palibe angaigule kuposa K1,600,000. Anatchulanso ng'ombe ziwiri za K1,400,000, mbuzi zisanu za K300,000 ndi masheya a K200,000 m'gulu lawo, zonse pamodzi K3,500,000. Kumanja tinalemba K1,200,000 yotsala pa njinga, K360,000 ya ku banki m'khonde, K140,000 ya mbewu ndi mankhwala a thonje, komanso katapila amene anamutchula monong'ona, wa K200,000 wodzabweza K300,000. Ngongolezo zinakwana K2,000,000, ndipo chotsala chinali K1,500,000.

Kenako mayi wina anafunsa kuti, "Nanga ng'ombezo ndi zanu, bambo?" Anayang'ana pansi kwa kanthawi, n'kuyankha kuti ndi za malume awo, iwo amangowasungira m'khola. Titazichotsa, panatsala K100,000 yokha, pamene mayi wofunsayo, wogulitsa nsomba zouma, anali ndi katundu wa K600,000 ndi ngongole ya K50,000, kutanthauza K550,000. Pamenepa m'holo munangoti zii, ndipo inenso ndinayamba kuganizira za khola langa.

Aphunzitsi aja anatichenjezanso kuti thonje limene lili m'munda lisalembedwe ngati ndalama, pakuti ife a kuchigwa kuno tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anakokololera minda ndi ziweto mu 2023, ngongole n'kutsala chilili. Chimodzimodzinso ndalama zimene munakongoza m'bale amene sakuonetsa zobweza, ndi munda wa makolo umene simungaugulitse panokha.

Pempho langa ndi lakuti aliyense wofuna ngongole m'gulu lathu aziyamba walemba pepala lotere, n'kulionetsa kwa mlembi ndi msungichuma okha, kuti asachite manyazi. Tizilemba kawiri pachaka, tikagulitsa zokolola komanso mu Febuluwale pamene nkhokwe zimakhala zopanda kanthu, chifukwa kuyerekeza mapepala awiriwo ndi kumene kungaonetse ngati munthu akukwera kapena akumira. Ndikupempha kuti tidzagwirizane chochita pa nkhaniyi tikadzakumana Lachisanu.