Lipoti la msonkhano wa nthumwi: kalata yoyankha ochonga pobweza lipoti la mulabu

A wapampando ndi mamembala anzanga,

Ndabwerako ku msonkhano wa nthumwi za ophunzira sayansi ndi aphunzitsi a mulabu komwe munandituma. Malisiti a alawansi ali kale ndi msungichuma, ndiye amene ankanong'onezana kuti ndikupita kokangoyenda akawaone kumeneko. Mawu otsegulira anali amasiku onse, ndipo gawo la chitetezo linali lomwe lija la magalasi ndi makoti oyera. Chimene ndikuti ndalama zanu zagwirira ntchito ndi gawo la kalata imene munthu amaika pamwamba pa lipoti la mulabu pamene akulibweza atalikonza.

Ambirife lipoti likabwera ndi inki yofiira timangokonza mwakachetechete n'kubweza, kapena kulemba mzere umodzi woti "ndakonza zonse". Mayi amene ankatsogolera gawoli, omwe ndi mphunzitsi wa kemisitiri, anati mzere umenewo umapatsa ochonga ntchito yoika malipoti awiri pambali n'kumasaka okha chimene chasintha, ndipo chimene sanachipeze amachitenga kuti sichinakonzedwe. Kalata yabwino imatenga ndemanga iliyonse payokha, ndi nambala yake, m'mawu a ochongawo. Pansi pake umanena chimene wachita ndi tsamba lomwe chili.

Anatiyendetsa m'lipoti la taitireshoni yonga yomwe tonse tinachita. Wophunzira anatunga 25.00 mL ya HCl ndi pipeti, m'byureti munali NaOH ya 0.100 mol/L, ndipo chosinthitsa mtundu chinali fenofitalini. Anapeza 24.60, 23.85, 23.90 ndi 23.80 mL, n'kuphatikiza zonse zinayi popeza avereji. Ochonga analemba kuti nambala yoyamba ija ndi yongoyerekezera, siyenera kulowa. Yankho la m'kalata linali lotere: "Ndemanga 1. Ndachotsa 24.60 mL powerengetsa avereji chifukwa unali muyeso wongoyerekezera, koma ndaisiya m'tebulo 1 ndi chizindikiro. Miyeso itatu yotsalayo sikusiyana kupitirira 0.10 mL, ndipo avereji yake ndi 23.85 mL m'malo mwa 24.04 mL (tsamba 3). Chifukwa cha ichi, mphamvu ya HCl yasintha kuchoka pa 0.0962 kufika pa 0.0954 mol/L pa tsamba 3, m'chidule cha tsamba 1 ndi m'mawu omaliza a tsamba 5."

Taonani chiganizo chomalizacho. Ochonga anadandaula za avereji yokha, koma avereji ikasuntha yankho lonse lasuntha, ndipo yankholo limalembedwa malo angapo. Munthu akakonza pa tsamba 3 pokha, lipoti limakhala ndi mayankho awiri otsutsana, zimene n'zoipa kuposa poyamba. Kulemba masamba onse m'kalata kumakukakamiza kupita kukawaona. Komanso 24.60 sanaifufute ayi. Zimene unawerenga pa byureti tsiku limenelo sizisintha pokonza lipoti. Chosintha ndi mmene wazigwiritsira ntchito. Aliyense amene amaganiza kuti kukonza lipoti ndiko kuwongola manambala a m'tebulo kuti afanane adziwe kuti kumeneko n'kubera.

Ndemanga yachiwiri inali yoti wakopera manambala onse a pa kakyuleta, 0.09615. Yankho lake ndi mzere umodzi: NaOH inaperekedwa ndi manambala atatu odalirika, choncho yankho nalo latsala ndi atatu.

Yachitatu ndiyo inatigwira pakhosi tonse. Wophunzira analemba kuti zolakwika zinachokera ku "kulakwitsa kwa munthu", ochonga n'kufunsa kuti kulakwitsa kwake kuti, ndipo n'kwakukulu bwanji. Apa kupepesa sikuthandiza, pamafunika masamu. Byureti umaiwerenga kawiri, poyamba ndi pomaliza, ndipo kuwerenga kulikonse kungaphonye ndi 0.05 mL, pamodzi ndi 0.10 mL, yomwe pa 23.85 mL ndi pafupifupi 0.4 peresenti. Pipeti yawo inalembedwa ±0.06 mL, pafupifupi 0.2 peresenti. Kuziphatikiza, yankho linalembedwa 0.0954 ± 0.0006 mol/L. Anawonjezanso cholakwika chimene chimakankhira mbali imodzi: NaOH ikasiyidwa yosatseka imayamwa CO2 wa mumpweya n'kufooka, ndiye umathira yochuluka kuti pinki aoneke, ndipo asidi amaoneka wamphamvu kuposa mmene alili. M'kalata sanakoperemo ndime yonseyo. Anangonena manambala atsopanowo, n'kuloza ndime yachiwiri ya tsamba 4.

Nkhani ya ±0.05 mL ija inandikumbutsa mabyureti athu odontha pampopi, omwe tinadandaula chaka chatha ndipo komiti ino inalonjeza kuti ikaitula kwa oyang'anira labu. Byureti yodontha siphonya ndi 0.05 mL yokha. Mpaka lero sitinauzidwe kuti kalata ya dandaulo lathulo inapita kapena ayi, a mlembi.

Tsono panali ndemanga imodzi imene wophunzirayo sanagwirizane nayo, ndipo apa ndi pamene chipinda chinagawikana. Ochonga analemba kuti akanagwiritsa ntchito methilo olenji. Iye anayankha mwaulemu kuti sanasinthe: HCl ndi NaOH zonse n'zamphamvu, pH imalumpha kuchoka cha pa 4 kufika cha pa 10 ndi madontho owerengeka, ndipo fenofitalini amasintha mtundu pakati pa 8.2 ndi 10, mkati mwa kulumphako. Kenako anati wawonjezera ziganizo ziwiri pa tsamba 2 zofotokoza chifukwa chake, popeza lipoti loyamba silinanene. Nthumwi zina zinati kutsutsa munthu amene wagwira malikisi ako n'kudziputira dala. Ine sindikuvomereza. Choopsa n'kudumpha ndemangayo ngati sunaione, kapena kulemba kuti wakonza pamene sunakonze, pakuti ochonga akatsegula tsambalo n'kupeza zakale zomwe, sakhulupiriranso mayankho ena onsewo. Ndipo onani kuti ngakhale anakana, wophunzirayo anasinthabe kanthu. Ngati ochonga anafika pofunsa, ndiye kuti lipotilo linasiya mpata.

Chimodzimodzi ndi zimene sungathe kuchita. Akati ubwereze muyeso koma labu inatsekedwa, nena zomwezo poyera ndipo utchule kuti vutolo walilemba pa tsamba liti.

Msonkhano unagwirizana zopempha kuti kalatayi izikhala tebulo la magawo atatu, la ndemanga, chochitidwa ndi tsamba, ndipo isapitirire tsamba limodzi. Tebulo ndinalivotera. Za tsamba limodzi ndinakana, ngakhale ndinagonja, chifukwa ndemanga ngati ya fenofitalini ija siyankhika m'kabokosi kopapatiza, ndipo lamulo lotere lidzachititsa anthu kuvomereza chilichonse kuti mawu akwane.

Funso langa lenileni ndi la kwathu kuno. Tiyankha bwanji ndemanga imodziimodzi pamene malipoti ena amabwera ndi chizindikiro cha funso m'mbali basi, popanda liwu? Kumeneko anati tiziika tokha manambala kuyambira pamwamba n'kulemba mmene tamvera, monga "ndamva kuti chizindikiro cha pa tebulo 1 chikufunsa mayunitsi, ndawaika". Zimenezo n'zothandiza, koma n'kulotera. Komanso malipoti a temu yatha anabwera mochedwa, nthawi yobweza itatsala pang'ono kutha, ndipo ena mwa inu munataya malikisi pa chifukwa chimenecho. Ndikupempha kuti tisanavomereze kalatayi ngati lamulo, komiti ipemphe ochonga kuti aziika manambala pa ndemanga zawo, komanso kuti nthawi yokonza iziyamba kuwerengedwa tsiku limene talandira lipoti. Mfundo ziwirizi a mlembi aziike pa ndondomeko ya msonkhano ukubwerawu, pamodzi ndi ya mabyureti.

Ine nthumwi yanu.